Chala Chisanakankhe: Mmene Opanga Mavidiyo Amagwirira Woonera Mpaka pa Sekondi Yomaliza

Mumzinda wa Los Angeles ku America muli damu lalikulu losungiramo madzi akumwa, koma munthu ataima m'mbali mwake madziwo sawaona. Pamwamba ponse pali bii ndi timipira takuda tapulasitiki tokwana 96 miliyoni, kalikonse kotambalala masentimita 10. Mu Meyi 2019, Derek Muller, katswiri wophunzitsa sayansi pa tchanelo chake cha Veritasium pa YouTube, anakwera boti padamupo n'kujambula vidiyo imene anaipatsa mutu wakuti Why Are 96,000,000 Black Balls on This Reservoir? Mutuwo ukungofunsa chifukwa chimene timipirato tilili pamenepo. Vidiyoyo inaonedwa kambirimbiri, mamiliyoni makumimakumi, ngakhale kuti nkhani yake ndi ya mankhwala a m'madzi, imene ambiri sangaifunefune mwa iwo okha.

Aliyense woona chithunzicho amakhala ndi yankho lake kale: timipirato n'toteteza madzi kuti asaume ndi dzuwa. Koyambirira kwenikweni Muller amalanda woonera yankho limenelo. Amanena kuti si chifukwa chake chenicheni chimene anatiikirapo, koma chifukwacho satchula nthawi yomweyo. Woonera uja, amene amaganiza kuti akudziwa, amapezeka kuti sakudziwa, ndipo njira yachidule yodziwira ndi kukhalabe pomwepo.

Opanga mavidiyo ali ndi zida ziwiri zimene amadalira kwambiri pogwira anthu chotere. Choyamba ndi funso losiyidwa m'malere, limene amalitsegula msanga n'kuchedwetsa yankho lake. Chachiwiri ndi kudzidzimutsa, kusintha mwadzidzidzi chimene diso ndi khutu zazolowera. Zidazi zimagwira ntchito zosiyana, ndipo mavidiyo ambiri amagwa chifukwa eniake amayesa kugwiritsa ntchito chimodzi pamalo pofunika chinzake.

Chifukwa chimene masekondi akhalira ndalama

Kale YouTube inkakweza vidiyo potengera kuchuluka kwa anthu amene aidina. Zotsatira zake zinali mitu yabodza ndi zithunzi zokopa, anthu n'kumadina n'kutulukamo nthawi yomweyo. Mu 2012 kampaniyo inasintha n'kuyamba kuwerengera kwambiri nthawi imene anthu akhala akuonera. Nayo TikTok inafotokoza poyera mu 2020 kuti munthu akaonera vidiyo yotalikirapo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, dongosolo lake losankhira anthu mavidiyo limatenga chimenecho ngati umboni wamphamvu wakuti waikonda, kuposa zizindikiro zina zing'onozing'ono.

Choncho vidiyo imene anthu amaithawa pakati imaonetsedwa kwa anthu ochepa, pamene imene amaimaliza imapatsidwa mwayi wofika kwa ena. Kwa woonera amene bandulo yake ndi yowerengetsera, chala chimakhala tcheru koposa. Sekondi iliyonse yopanda kanthu akuilipira yekha.

Funso losiyidwa m'malere

Nkhani ya funso losayankhidwa imakonda kuyambira mumzinda wa Berlin ku Germany m'zaka za m'ma 1920. Zimanenedwa kuti mphunzitsi wa za maganizo a anthu, Kurt Lewin, anaona kuti woperekera zakudya m'lesitilanti ankakumbukira bwino zimene makasitomala aitanitsa malinga ngati sanalipire, koma akangolipira zonse zinkamuchoka m'mutu. Wophunzira wake, Bluma Zeigarnik, anayesa zimenezi. Ankapatsa anthu tintchito tating'onoting'ono pafupifupi 20, monga kuumba kanthu ndi dongo kapena kuwerengera masamu, n'kuwadula pakati pa theka la tintchitoto. Mu lipoti lake la 1927 anasonyeza kuti anthuwo ankakumbukira kwambiri tintchito tosamaliza kuposa tomaliza.

Ofufuza a pambuyo pake sanapeze zofanana nthawi zonse pa nkhani ya kukumbukirayi. Chimene chaoneka cholimba ndi chimene mnzake wa Zeigarnik, Maria Ovsiankina, anapeza mu 1928: munthu akadulidwa pakati pa ntchito, amafuna kuibwerera kuti aimalize ngakhale palibe womutuma. Kwa wopanga vidiyo chimenechi ndicho chofunika, chifukwa iye sakufuna kuti woonera aloweze, akufuna kuti amalize.

Mu 1994, George Loewenstein wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon anawonjezerapo mfundo imene imathandiza kwambiri polemba vidiyo. Iye anati chidwi chimabadwa munthu akazindikira mpata pakati pa zimene akudziwa ndi zimene akufuna kudziwa. Amene sadziwa kalikonse pa nkhani sachita nayo chidwi, ndipo amene akudziwa zonse alibenso chofunira. Chidwi chimakula kwa amene akudziwa zambiri ndithu koma kwamutsalira kachidutswa kamodzi. N'chifukwa chake mawu akuti “dikirani muone zimene zichitike” sagwira munthu: sanamupatse chilichonse choti achisowe. Koma “si chifukwa cha dzuwa loumitsa madzi” amamupatsa damu, timipira, yankho lolakwika, ndi malo amodzi opanda kanthu.

A wailesi yakanema anaidziwa kale njirayi. Pa 21 Malichi 1980, sewero la ku America lotchedwa Dallas linatseka chigawo chake cha chaka chimenecho ndi kuwomberedwa kwa J.R. Ewing, munthu wachuma amene anali ndi adani ponseponse. Wowombera sanaonetsedwe. Anthu anadikira miyezi 8, ndipo pa 21 Novembala, tsiku limene zinaululika kuti anali mlamu wake Kristin, anthu oposa 80 miliyoni a m'dzikolo anaonera. Funsolo linali ndi mphamvu chifukwa oonera ankawadziwa onse oganiziridwa, ndipo aliyense anali ndi dzina lake limene ankalikakamira. Amene anakulira m'mavidiyo sho akudziwa mchitidwe womwewu m'mafilimu a ku Nigeria, amene gawo loyamba linkathera pamene zinthu zafika pa mponda chimera kuti anthu afunefune gawo lachiwiri.

Funso lalikulu ndi ana ake

Funso limodzi silingagwire munthu mphindi 12. Likachedwa kwambiri popanda china chilichonse choperekedwa, woonera amatopa, kapena amangothamangitsa vidiyo mpaka kumapeto. Odziwa ntchito amaika mafunso ang'onoang'ono m'kati mwa lalikulu, n'kumayankha limodzi pamene akutsegula lina.

Vidiyo ya damu ija ndi yodzaza ndi mafunso otere. Yankho la funso loyamba ndi lakuti m'madzimo muli mchere wina wachilengedwe wotchedwa bulomayidi, umene paokha si woopsa. Koma ukakumana ndi kolorini wophera tizilombo, dzuwa n'kuwombapo, pamapangika bulometi, amene akuganiziridwa kuti amayambitsa khansa. Bulomayidi sakanatha kumuchotsa, kolorini sakanamusiya, ndiye chotsala chinali kutchinga dzuwa. Yankho limeneli likangoperekedwa, mafunso ena amakhala atadzuka kale. Ngati cholinga n'kutchinga dzuwa, bwanji timipirato n'takuda, pamene chakuda chimatentha? Chifukwa mwaye wakuda umene amausakaniza m'pulasitikiyo umaiteteza kuti isafumbutuke ndi dzuwa, ndipo imakhala zaka 10 kapena kuposa. Bwanji mphepo sititenga? Chifukwa m'kati mwa kalikonse muli madzi pang'ono otilemeretsa. Kodi boti lingadutse pakati pake? Woonera amadzionera yekha likulimbana nato. Nanga nkhani ya kuuma kwa madzi ija inali yabodza? Ayi, timipirato timachepetsadi kuumako, kungoti si chimene chinayambitsa ntchitoyo.

Palibe pamene woonera amakhala wopanda funso m'mutu, komanso palibe pamene amakhala nthawi yaitali osalandira yankho. Yankho lililonse limamutsimikizira kuti wopanga vidiyoyu amasunga lonjezo, ndiye amalolera kudikira lotsatira.

Jimmy Donaldson, wodziwika kuti MrBeast, amachita zomwezi ndi mipikisano. Mu Novembala 2021 anasonkhanitsa anthu 456 kuti alimbirane madola 456,000 potsanzira masewera a m'sewero la ku Korea la Squid Game. Funso lalikulu, lakuti apambane ndani, silingayankhidwe masewera onse asanathe. Koma masewera aliwonse ali ndi funso lake, lakuti atsale angati, ndipo chiwerengero cha otsala chimene chimangotsika chimauza woonera kuti mapeto akuyandikira.

Kudzidzimutsa diso ndi khutu

Funso limagwira maganizo, koma diso lili ndi khalidwe lake. Anthu okhala pafupi ndi chigayo phokoso lake salimvanso. Amacheza, amagona, ana amalemba za kusukulu. Koma magetsi akangozima, chigayo n'kuti zii, aliyense amatukula mutu. Chimene chawadzutsa si phokoso koma kusintha.

Ivan Pavlov, wasayansi wa ku Russia wodziwika ndi kafukufuku wa agalu, anaona kuti nyama imatembenukira ku chinthu chilichonse chachilendo isanaganize n'komwe. Pambuyo pake Evgeny Sokolov anasonyeza mbali inayo: chinthu chikabwerezedwa mofanana, thupi limasiya kuchilabadira, koma chikasintha pang'ono chabe, ngakhale kuchepa mphamvu kapena kusowa kumene, kulabadira kuja kumabwerera. Annie Lang, wofufuza za wailesi yakanema ku America, anapeza kuti chithunzi chikasintha mwadzidzidzi pa sikirini, mtima wa woonera umagunda mochedwerapo kwa masekondi angapo, chizindikiro chakuti thupi latchera kuti lilandire chatsopanocho.

Pa vidiyo, kusintha kotereku kumachitika m'njira zambiri zosafuna ndalama. Kamera imene inali patali ikhoza kufika pafupi ndi manja. Wolankhula akhoza kusiya kulankhula kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Nyimbo imene imamveka chapansipansi ikhoza kudulidwa. Mawu atatu akhoza kulembedwa pa sikirini, kapena munthu amene anakhala pansi n'kuimirira n'kutuluka panja. Pa zonsezi, chete ndiye amene ambiri amamuiwala, chonsecho m'vidiyo yodzaza mawu palibe chachilendo choposa iye.

Kafukufuku wa Lang ndi anzake anasonyezanso malire ake. Kusintha kamera m'kati mwa chochitika chimodzi, monga kuchoka pankhope ya wolankhula kupita pa chimene wagwira, kumathandiza anthu kukumbukira zimene aona. Koma kudumphadumpha mofulumira kupita ku zinthu zosagwirizana, makamaka nkhani ikakhala yotentha kale, kumadzaza mutu, ndipo anthu amayang'anabe koma zochepa n'zimene zimawatsalira. Palinso vuto limene likuchokera kwa Sokolov yemwe uja. Amene amakuza chithunzi pa masekondi awiri aliwonse, ndi kaphokoso komweko nthawi zonse, wangopanga chizolowezi chatsopano. Pofika kachisanu diso lasiya kudabwa.

Choncho kudzidzimutsa kumangogula masekondi ochepa. Kumabweza diso pa sikirini, koma likabwerera liyenera kupeza kanthu: yankho, umboni, kapena funso latsopano. Malo ake abwino ndi pamene mfundo yofunika ili pafupi kunenedwa, kapena pamene chigawo china chikutha n'kuyamba china.

Vidiyo ya masekondi 56

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse mmene zida ziwirizi zimalumikizirana. Wokonza mafoni pamsika akufuna kujambula vidiyo yaifupi yokhudza foni imene yasiya kutchaja. Vuto lake ndi lodziwika kwa aliyense wa ntchito imeneyi: tiulusi ta m'thumba ndi fumbi zimaunjikana m'kabowo kotchajira mpaka mutu wa chingwe sufikanso pansi.

Ambiri angayambe ndi moni, dzina, malo a shopu, kenako n'kunena kuti lero tikambirana za kuyeretsa kabowo kotchajira. Pamenepo masekondi 12 apita, ndipo yankho laperekedwa funso lisanafunsidwe. Woonera alibe chodikira.

Njira ina ndi iyi. Pa masekondi atatu oyamba kamera ikuonetsa foni yolumikizidwa ku tchaja, sikirini ili bii. Mawu akumveka: “Mwini foni iyi wabwera ndi ndalama ya batire yatsopano. Batire sagula, ndipo ndalama yake abwerera nayo.” Funso lalikulu latseguka, ndipo ndi lodziwika bwino: ngati si batire, n'chiyani? Aliyense amene foni yake inavutapo ali kale ndi zimene akuganizira.

Kuyambira pa sekondi 3 mpaka 14, wokonzayo akuyesa woganiziridwa woyamba, tchaja. Akuilumikiza ku foni ina, kamera n'kufika pafupi ndi kachizindikiro kosonyeza kuti ikutchaja. Tchaja ilibe mlandu. Funso laling'ono latsekedwa, ndipo kusintha kwa kamera kwagwera pa umboni weniweniwo. Kuyambira pa 14 mpaka 26 akusintha chingwe, koma foni ija ikadali chete. Apa akuponya kachidutswa kena: “Taonani mutu wa chingwechi. Sukulowa wonse.” Woonera watcheru wayamba kuganizira yankho, ndipo tsopano akufuna kuona ngati walondola. Kufuna kutsimikiza kumeneku kumagwira munthu mwamphamvu kuposa kusadziwa kalikonse.

Pa sekondi 26, pakati pa vidiyo pamene zala zambiri zimayamba kuyabwa, mawu akuleka. Nyimbo ikuzima. Tochi ikuwalira m'kabowo, ndipo pansi pake pakuoneka kotuwa. Masekondi awiri achete amenewa ndiwo kudzidzimutsa kwakukulu kwa vidiyo yonse, ndipo aikidwa pamene chinsinsi chikuyamba kuoneka.

Kuyambira pa 28 mpaka 46 akuzimitsa foni, n'kutenga kamtengo kotokosera m'mano, n'kumakanda pansi pa kabowoko modekha. Malangizo onse ofunika akuwanena tsopano, manja akugwira ntchito: foni ikhale yozima, singano kapena pini ayi chifukwa chitsulo chingawononge timano ta m'katimo, ndipo ngati yayeretsedwa koma ikukanabe, vuto lili m'kati ndipo ipite kwa wokonza. Kenako kampira ka tiulusi kakutuluka, akukaika papepala loyera, kamera n'kukayandikira. Funso lalikulu layankhidwa theka: chaoneka chimene chinatseka. Latsala limodzi, lakuti kodi itchaja?

Pa 46 akulowetsa chingwe, ndipo kakumveka kaphokoso kosonyeza kuti chalowa chonse. Masekondi angapo akudutsa sikirini ikadali yakuda, monga zimachitikira foni ikakhala kuti inatheratu moto. Pa 54 chizindikiro cha batire chikuwala. Pa 56 vidiyo yatha.

Malangizo aja anayenera kubwera yankho lisanafike chifukwa chimodzi: chizindikiro cha batire chikangowala, woonera alibenso chomusunga. Chilichonse chonenedwa pambuyo pake chimamvedwa ndi ochepa. Dzina la shopu nalonso malo ake ndi pachikwangwani chooneka kumbuyo kapena m'mawu olembedwa pansi pa vidiyo.

Kuwerenga mzere wa oonera

Wopanga vidiyo safunika kulota za pamene anthu akuthawira. Mu YouTube Studio muli galafu yotchedwa Audience retention, ndipo TikTok, Facebook ndi Instagram zili ndi yofanana nayo. Mzere wake umayambira pamwamba kumanzere n'kumatsika kupita kumanja, kusonyeza kuti pa anthu 100 aliwonse amene anayamba, ndi angati akadalipo pa sekondi iliyonse. Pamakhalanso chiwerengero cha nthawi imene munthu mmodzi amakhala pongoyerekeza onse pamodzi. Ngati pa vidiyo ya masekondi 56 ija anthu akukhala masekondi 42, ndiye kuti akuonera 75 peresenti ya vidiyoyo. Ziwerengerozi zimatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti zikhazikike, ndipo za oonera ochepa kwambiri siziyenera kudaliridwa.

Maonekedwe a mzerewo ndiwo amanena matenda. Ukagwa chiphompho koyambirira kwenikweni, vuto ndi funso: mwina palibe, mwina lachedwa, mwina zimene mutu ndi chithunzi zinalonjeza si zimene zayamba kuoneka. Pa mavidiyo aatali, YouTube imaonetsa padera, pansi pa dzina lakuti Intro, kuchuluka kwa amene akadalipo pakatha masekondi 30. Kuwonjezera tinyimbo ndi timawu towalawala sikungachize chiphompho chotere. Chofunika n'kulembanso chiganizo choyamba.

Mzere ukamatsika pang'onopang'ono mosalekeza, kutsika kwina n'kwachibadwa, koma kukakhala kotsetsereka kwambiri ndiye kuti funso lalikulu lilipo koma ana ake palibe, kapena chithunzi chakhala chimodzimodzi nthawi yaitali. Apa m'pamene kudzidzimutsa kumathandiza.

Dzenje la pakati, limene YouTube imalitchula kuti Dips, limasonyeza malo amene anthu anathawirapo kapena anawadumpha. Mwini vidiyo ayenera kupita pa sekondi imeneyo, n'kubwerera m'mbuyo masekondi asanu, n'kuona chimene chinachitika. Kawirikawiri amapeza kuti anapatuka pankhani, anabwereza zimene ananena kale, anayamba kupempha anthu kuti amutsatire, kapena anayankha funso lina asanatsegule lotsatira. Kaphiri kotukuka, kotchedwa Spikes, kamasonyeza malo amene anthu anabwerezapo kuonera. Kakhoza kukhala nkhani yabwino, koma kakhozanso kutanthauza kuti pamenepo sanamve ndiye anabwerera. Ngati mzere uli pansi chigawo chonse chapakati kenako n'kutukuka kumapeto, anthu anafuna yankho koma anakana njira yopitira kumeneko. Funsolo linali labwino, zapakati zinali zongotalikitsa.

Wosintha zinthu zisanu nthawi imodzi sadziwa chimene chathandiza. Wokonza mafoni uja akaona chiphompho pa sekondi yachiwiri, vidiyo yotsatira asinthe chiyambi chokha, zina zonse azisiye mmene zinalili, kenako ayerekeze mizere iwiriyo.

Pamene zimalakwika

Cholakwa chachikulu ndi funso lopanda yankho, kapena loyankhidwa ndi kanthu kochepa kuposa lonjezo. Mavidiyo olembedwa kuti muonere mpaka kumapeto, kumapetoko n'kupezako zopanda pake, amapeza masekondi awo kamodzi kokha. Woonera amene wagwiritsidwa fuwa lamoto amaloweza nkhope ya mwini vidiyoyo, ndipo tsiku lina amakankha asanamve liwu lililonse. Chimodzimodzi ndi amene amadula nkhani ya mphindi imodzi kukhala magawo atatu popanda chifukwa, gawo loyamba osapereka kalikonse.

Makampani nawonso akhala akulimbana ndi mchitidwewu. Mu 2016 Facebook inalengeza kuti iyamba kutsitsa nkhani za mitu imene imabisa dala mfundo yofunika kuti munthu adine. YouTube inafotokoza mu 2021 kuti imafunsa oonera ena kuti apereke nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu pa vidiyo imene aonera, ndipo nthawi imene imaiwerengera kuti ndi yaphindu ndi ya mavidiyo olandira zinayi kapena zisanu. Mu Disembala 2024 inalengezanso kuti iyamba kuchotsa mavidiyo amene mutu kapena chithunzi chake chimalonjeza zimene mulibe, kuyambira ku India, makamaka pa nkhani zongochitika kumene. Masekondi opezedwa mwachinyengo, tsono, sawerengedwanso mofanana ndi amene munthu anapereka mokondwa.

Kudzidzimutsa kopitirira muyeso nakonso kunafika potopetsa. Kwa zaka zingapo opanga mavidiyo ambiri anatsanzira kalembedwe ka MrBeast: kufuula, kudula chithunzi pafupipafupi, mawu akuluakulu odumpha pa sikirini, osasiya mpata wopumira. Mu Malichi 2024 mwiniwake analemba pa X kuti m'chaka chimene chinali chitangopita anachepetsa liwiro la mavidiyo ake, anachepetsa kufuula, anaika mtima pa kusimba nkhani, ndipo oonera anachuluka. Analimbikitsa anzake kusiya kuthamangitsa zithunzi mopanda malire. Pamene aliyense ankathamanga, vidiyo yodekha ndiyo inakhala yachilendo.

Pali mavidiyo ena amene kubisa yankho sikuyenera n'komwe. Chenjezo la madzi osefukira, malangizo othandizira mwana amene watsamwidwa, kapena tsiku lotsekera kulembetsa mayeso, ziyenera kunenedwa m'chiganizo choyamba. Ngakhale pa vidiyo yophunzitsa luso, munthu amene wachita kufufuza yekha mmene angakonzere chinthu amafuna kuona msanga kuti wafika pamalo oyenera. Kwa iye njira yabwino ndi kumuonetsa chinthu chomalizidwa poyamba, funso n'kusanduka lakuti zinatheka bwanji.

Sekondi yomaliza

Pa magalafu ambiri pamakhala chiphompho china kumapeto, ndipo chimayamba pamene wolankhula wasonyeza kuti akutsanzika. Mawu monga “basi anzanga, ndi zomwezo” kapena “pomaliza ndingoti” amauza woonera kuti chotsala ndi mwambo chabe. Ngakhale kutsika kwa liwu, kapena nyimbo yotsanzikira ikangoyamba, zimachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake odziwa ntchito amaika yankho lalikulu pafupi kwambiri ndi mapeto, n'kudula vidiyo masekondi awiri kapena atatu pambuyo pake, ongokwanira kuti diso lione bwino chimene linadikira.

Pa TikTok, YouTube Shorts ndi Instagram Reels, vidiyo ikatha imayambiranso yokha. Ena amapezerapo mwayi polumikiza chithunzi chomaliza ndi choyamba, kapena kusiya chiganizo chomaliza chosatha kuti chimalizidwe ndi mawu oyamba a vidiyo. Woonera amazindikira kuti wayambiranso masekondi angapo atadutsa, ndipo n'chifukwa chake mavidiyo ena aafupi amaonetsa chiwerengero choposa 100 peresenti. Njirayi imayenda bwino pa mavidiyo a masekondi ochepa, a nthabwala kapena a luso la manja limene munthu angafune kuliona kawiri. Pa vidiyo yofotokoza, ngati yankho silinamveke chifukwa chofuna kulumikiza mapeto ndi chiyambi, anthu amabwereza chifukwa chosokonezeka, ndipo ndemanga zawo zimadzaza ndi mafunso amene vidiyoyo inayenera kuyankha.

Pa mavidiyo aatali a YouTube, masekondi 5 mpaka 20 omaliza akhoza kuikidwa tizithunzi todina tolozera ku vidiyo ina. Amene amatigwiritsa bwino amatseka kaye funso la lero kwathunthu, kenako n'kutchula funso lina lobadwa kuchokera ku yankholo, chithunzi cha vidiyo yoliyankha chili kale pa sikirini. Wokonza mafoni akanakhala kuti wapanga vidiyo yaitali, akanamaliza ndi foni ikutchaja, n'kuwonjezera chiganizo chimodzi chokha chonena kuti ina imatchaja bwinobwino koma moto n'kutha pasanathe maola awiri, ndipo imeneyo ndi imene ili pa kachithunzi kakumanjako.